"Ndalipira Kale, Onani Risiti": Mmene Akathyali Amanyamulira Katundu Masanasana

Mbava zambiri zimadikira mdima. Koma pali mtundu wina umene umabwera dzuwa likuswa mtengo, utatchena bwino, ndipo katundu amachita kuwapakirira ndi mwini sitolo yemwe, anyamata ake akuthamanga ndi matumba kukweza pa lole. Anthu amenewa sathyola loko, saopseza munthu ndi chikwanje. Chida chawo ndi pepala kapena chithunzi cha pafoni chonena kuti ndalama zalipiridwa: cheke, risiti ya ku banki, kapena kauthenga kooneka ngati kachokera ku kampani ya foni. Mwini katundu amadzazindikira patapita masiku kuti palibe ngakhale tambala imene inalowa.

Katundu amene amamufuna ndi wodziwika. Ndi uja wosachedwa kuyenda malonda, yemwe alibe chizindikiro chomusiyanitsa ndi mnzake: simenti, malata, feteleza, shuga, mafuta ophikira, matayala, soya, mtedza. Thumba la simenti likachoka mu hadiweya ya ku Limbe m'mawa, madzulo likhoza kukhala litagulitsidwa ku Lunzu, ndipo palibe amene angaloze n'kunena kuti ili ndi langa.

Chinyengo chonsechi chimakhazikika pa chinthu chimodzi chimene amalonda ambiri sachilingalira: pamakhala mpata pakati pa nthawi imene munthu wanena kuti walipira ndi nthawi imene ndalamazo zakhaladi za wogulitsa. Wakuba amagwira ntchito yake mkati mwa mpata umenewo.

Cheke ndi kalata, si ndalama

Cheke ndi kalata imene mwini akaunti amalembera banki yake, kuiuza kuti ipereke ndalama zakuti kwa uje. Banki ikhoza kumvera kapena kukana. Imakana ngati mu akauntimo mulibe ndalama zokwanira, ngati siginecha sikufanana ndi imene ili m'mabuku ake, ngati mwiniwake ananena kale kuti buku lake la macheke linabedwa, ngati ndalama zolembedwa m'mawu zikusiyana ndi zolembedwa m'manambala, kapena ngati chekecho chatha miyezi 6 chilembedwere.

Wogulitsa akapita nacho ku banki yake, kalaliki wa pa kauntala amachilandira, n'kudinda risiti. Chidindo chimenecho chimangotanthauza kuti banki yalandira pepala. Sichitanthauza kuti pepalalo n'labwino. Banki ya wogulitsa iyenera kutumiza chekecho, masiku ano kawirikawiri chithunzi chake chabe, ku banki ya wolemba, ndipo banki imeneyo ndi imene imanena kuti inde kapena ayi. Kusinthana kumeneku kumachitika masiku a ntchito okha. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa.

Pamene yankho likudikiridwa, mabanki ambiri amaonetsa ndalamazo mu akaunti ya wogulitsa, ngakhale kuti sangathe kuzitapa. Apa ndi pamene pali mbuna. Akaunti imodzi imakhala ndi manambala awiri. Ina ndi ya zonse zimene zalembedwa m'buku, kuphatikizapo macheke osatsimikizika. Pafoni kapena pa pepala la ku banki imalembedwa kuti "Ledger balance", pena "Current balance" kapena "Book balance". Inayo ndi ya ndalama zimene munthu angatape lero lomwe, ndipo imalembedwa kuti "Available balance". Wakuba amawadziwa bwino manambala awiriwa. Wogulitsa nthawi zambiri amangoyang'ana yaikuluyo.

Matumba 150 a simenti

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi hadiweya ku Malangalanga mu mzinda wa Lilongwe, ndipo tinene kuti thumba la simenti akugulitsa K30,000, phindu lake pa thumba lili K1,500. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma kayendedwe ka nkhani ndi kamene kamachitika.

Lachitatu foni ikulira. Woimbayo ndi bambo wolankhula mwaulemu, akuti ndi wogula zinthu pa kampani ina yomanga, ndipo akumanga midadada ya sukulu ku Dowa. Akufuna matumba 150. Sakunenerera kwambiri mtengo, angopempha kotesheni yokhala ndi nambala ya akaunti ya sitoloyo. "Mayi, titumizireni pa WhatsApp, abwana asayine." Mayiyo akutumiza mosangalala. Oda ya K4,500,000 sibwera tsiku lililonse.

Kotesheni ija ndi imene bamboyo amafuna. Tsopano ali ndi dzina la akaunti, nambala yake, ndi nthambi ya banki.

Lachinayi kuli zii. Lachisanu masana, banki itatsala pang'ono kutseka, munthu wina akulowa mu nthambi ya banki ya mayi uja, mwina ku Kasungu kapena ku Salima kumene mayiyo sadziwika, n'kuika cheke cha K4,500,000 mu akaunti yake. Chekecho chathotholedwa m'buku lobedwa pa kampani ina, kapena ndi cha akaunti imene inatsekedwa kalekale. Kalaliki akudinda risiti monga mwa ntchito yake. Panja pa banki, risiti ija ikukonzedwa: pamene panasonyeza kuti chaikidwa ndi cheke pakusinthidwa kuti pazioneka ngati zaikidwa ndi ndalama zenizeni. Pa chithunzi cha pafoni, chojambulidwa mopendama pang'ono, kusinthako sikuoneka.

Chithunzi chikufika kwa mayi, kenako foni. "Mayi, talipira kashi, tayang'anani ku akaunti kwanu. Lole ili m'njira. Chonde amisiri akungokhala, mawa m'mawa tikuthira konkire."

Mayiyo si wopusa. Sakukhulupirira chithunzi chokha, akuyang'ana akaunti pa foni yake. M'mawa munali K800,000, tsopano akuona K5,300,000. Mtima ukukhala pansi. Akanatsitsa maso pang'ono akanaona mzere wachiwiri ukunenabe K800,000, koma kunja lole yafika, dalaivala akuliza hutala, ndipo makasitomala ena ali pa mzere. Matani 7 ndi theka a simenti akukwera. Dalaivala akusayina pa buku la katundu wotuluka, ulendo.

Dalaivalayo nthawi zambiri sadziwa kanthu. Wachita kupezedwa pa siteji ya malole, wauzidwa kuti akatenge simenti pa sitolo yakuti, akatsitse pa malo akuti. Amene wamutuma sanamuonepo nkhope, kapena wamuona kamodzi. Kumene akatsitseko si ku Dowa ayi. Ndi pa bwalo lina m'mbali mwa msewu pamene pakudikira galimoto ina, kapena pa sitolo ya munthu amene wauzidwa kuti pali simenti yotsala pa kontirakiti, ikugulitsidwa motchipa.

Lolemba kapena Lachiwiri banki ikubweza cheke, mwina ndi mawu aja akuti "Refer to drawer", kutanthauza kuti kafunseni amene analemba. K4,500,000 ija ikufufutidwa mu akaunti. Foni ya bambo waulemu uja yazimitsidwa.

Tiwerenge zimene mayiyu wataya. Simentiyo anaigula pa K28,500 thumba, ndiye kuti mpamba wa K4,275,000 wapita. Pa phindu la K1,500 pa thumba, ayenera kugulitsa matumba 2,850 kuti angobwerera pamene anali Lachitatu lija. Ngati simentiyo anatenga pa ngongole kwa omupikulitsa, ngongoleyo ikumudikira yonse. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri sadzukanso akamenyedwa chonchi.

M'nkhaniyi muli zizindikiro zimene zimabwerezedwa pafupifupi paliponse. Wogula ndi wachilendo koma oda yake ndi yaikulu. Sakulimbana ndi mtengo, chifukwa munthu amene salipira alibe chifukwa chonenerera. Iye mwini saoneka, amatuma dalaivala. Ndipo nthawi imasankhidwa mosamala: Lachisanu madzulo, kapena tsiku loti mawa lake ndi tchuthi, kuti banki ichedwe kuyankha pamene katundu akuyenda. Phuma limene amabwera nalo si langozi, ndi mbali ya chida.

"Ichi ndi cheke cha banki"

Amalonda atachenjera n'kuyamba kukana macheke a anthu wamba, akathyali anasamukira ku cheke cha banki. Chimenechi ndi cheke chimene banki yokha imalemba itachotsa kale ndalama mu akaunti ya kasitomala wake, motero anthu amachitenga ngati ndalama m'manja. Chenicheni n'chodalirikadi. Vuto ndi loti kudalirika komweko ndi kumene kumachititsa kuti chikhale chokoma kupeka.

Pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi kusindikiza chatsopano pa kompyuta, chokhala ndi chizindikiro cha banki, zidindo ndi masiginecha awiri ooneka aulemerero. Yachiwiri ndi kugula cheke chenicheni cha ndalama zochepa, tinene K45,000, n'kufufuta inki ndi mankhwala kapena kupala ndi lumo, kenako kulembapo K4,500,000. Chachiwirichi ndi choopsa kwambiri chifukwa pepala ndi lenileni, nambala yake ndi yeniyeni, ndipo munthu akafunsa ku banki kuti "kodi cheke nambala yakuti ndi chanu?" ayankhidwa kuti inde. Funso loyenera liyenera kukhala lathunthu: nambala yakuti, cholembedwa tsiku lakuti, kwa uje, ndalama zakuti.

Maso ndi zala zimathandizako. Pepala la cheke chenicheni ndi lolimbirapo, ndipo likayang'anitsidwa ku kuwala limaonetsa zizindikiro za mkati mwake. Pamene pafufutidwa pamaoneka poyezuka kapena pokhakhala, timizere ta mitundu ta pansi pa zolemba timaduka, ndipo inki yatsopano imalowerera mosiyana ndi yakale. M'munsi mwa cheke muli mzere wa manambala a maonekedwe achilendo, osindikizidwa ndi inki ya maginito kuti makina a banki aziwerenga. Nambala ya cheke imene ili pamenepo iyenera kugwirizana ndi ina iliyonse yolembedwa pa chekecho. Koma kunena zoona, wogulitsa malata si katswiri wa mapepala, ndipo makina osindikizira a masiku ano amanamiza ngakhale anthu ozolowera. Kuyang'anitsitsa kumagwira wakuba waulesi yekha.

Msampha wina uli pa nambala ya foni. Wogula amati, "Ngati mukukayika, imbirani a manijala, nambala ndi iyi." Amene amayankha ndi mnzake, wodziwa kalankhulidwe ka ku banki, ndipo amatsimikiza zonse mokoma. Nambala yochokera kwa wogula, kapena yosindikizidwa pa pepala limene wogula wabweretsa, si yofunsirapo kanthu. Wogulitsa apite yekha ku nthambi ya banki, kapena aimbe nambala imene anali nayo kale.

Chinyengo chasamukira pa foni

Macheke akutha m'chigawo chino cha Africa. Namibia inasiya kuwagwiritsa ntchito mu 2019, ndipo ku South Africa mabanki anasiya kuwalandira pa 31 Disembala 2020. Koma chinyengo sichinathe nawo limodzi. Chinangosintha malaya. Mpata uja wa pakati pa "ndalipira" ndi "ndalandira" ulipobe, ndipo tsopano ukudzazidwa ndi zithunzi ndi mauthenga.

Chofala kwambiri ndi chithunzi cha risiti ya pa foni. Munthu amatumizadi ndalama pang'ono kwa mnzake, n'kujambula uthenga wotsimikiza, kenako kusintha dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Ena amakonza zoti banki idzatumize ndalama tsiku la kutsogolo, n'kujambula chitsimikizo chake, katundu akangochoka n'kufafaniza lamulolo. Ndipo wogulitsa akanena kuti sakuona kanthu ku akaunti kwake, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ndi mabanki osiyana mayi, zimachedwa," kapena "Netiweki ikuvuta lero, zilowa." Mawu amenewa amagwira chifukwa nthawi zina amakhala oona. Ndalama zochoka ku banki ina kupita ku ina zimatha kuchedwadi. Koma ngati zachedwa, katundu nayenso achedwe. Wogula woona mtima amadandaula, kenako amadikira.

Pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, chinyengo chimabwera ngati uthenga. Wogula amaima pa kauntala akutokosa foni yake, ndipo foni ya wogulitsa imalira: mwalandira ndalama zakuti kuchokera kwa uje. Mawu ake ndi ofanana ndendende ndi a uthenga weniweni, chifukwa achita kukopedwa. Kusiyana kuli pamwamba, pa dzina la wotumiza. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, ndipo umagwera pamodzi ndi mauthenga akale a kampaniyo. Wabodza umachokera ku nambala wamba ya foni. Akathyali ena amafika pobwereka foni ya wogulitsa, amvekere "ndilembemo nambala yanga," n'kusunga nambala yawoyo ndi dzina la kampani, kuti uthenga wawo ukamabwera uzioneka ngati wa kampanidi. N'chifukwa chake ngakhale dzina la wotumiza si umboni wokwanira.

Umboni wokwanira ndi umodzi, ndipo ndi wotchipa. Wogulitsa atenge foni yake, osati ya wogula, alowe yekha mu akaunti yake ndi nambala yake yachinsinsi, aone ndalama zimene zilimo ndi zimene zalowa kumene. Pa Airtel Money ndi *211#, pa Mpamba ndi *444#, pa Mo626 ya National Bank of Malawi ndi *626#, ndipo mabanki ena ali ndi njira zawo. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagula ndi kugulitsa katundu, mabanki akuluakulu ali ndi njira yoti munthu alowetse manambala a pa risiti n'kuona ngati inachokeradi kwa iwo. N'zothandiza, komabe sizilowa m'malo mwa kuona ndalamazo mu akaunti.

"Talakwitsa, tibwezereni zapamwambazo"

Pali mtundu wina umene umapweteka kawiri. Bungwe la SABRIC, limene mabanki a ku South Africa anakhazikitsa kuti lizilimbana ndi umbanda wa m'mabanki, lakhala likuchenjeza za chinyengo chimenechi kwa zaka zambiri, ndipo kuno nakonso si chachilendo. Tibwerere ku oda ya K4,500,000 ija. Risiti imene ikufika ikusonyeza K5,400,000. Posakhalitsa wogula akuimba ali wefuwefu: wa ku akaunti wasemphanitsa manambala, abwana akalipa, ntchito ithera pomwepa. "Chonde mayi, tibwezereni K900,000 yapamwambayo pa nambala iyi."

Wogulitsa wachifundo, amenenso safuna kuoneka ngati wakuba, amabweza. Koma zimene wabwezazo ndi ndalama zake zenizeni, zotumizidwa pa njira yachangu imene ndalama zikapita zimatapidwa nthawi yomweyo kwa ejenti. Zimene "analandira" zija ndi mphepo. Nthawi zina akuba otere safuna n'komwe katunduyo. Chimene amadzera ndi chenji chokhacho. Yankho loyenera kwa munthu wopempha kubwezeredwa ndi loti adikire mpaka banki itatsimikiza, ndipo zobwezazo zibwerere ku akaunti yomwe zinachokera, osati ku nambala ina.

Zikachitika, nanga?

Malamulo a dziko la Malawi sasekerera mchitidwewu. Kupeka chikalata, kupereka chikalata chopeka ngati chenicheni, ndi kutenga katundu wa munthu mwa kumunamiza, yonseyi ndi milandu yosiyana m'buku la malamulo a milandu, ndipo munthu amapita nayo kundende. Lamulo la mu 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limakhudzanso chinyengo chochitika pa foni ndi pa kompyuta. Apolisi ali ndi nthambi yofufuza milandu ya zachuma, imene anthu amaitchula kuti Fisikolo.

Koma kumangidwa kwa wakuba ndi kubwerera kwa katundu ndi nkhani ziwiri. Simenti ikathiridwa mu maziko a nyumba ya munthu amene anaigula osadziwa kanthu, kuilondola n'kovuta. Nambala ya foni, ngakhale kuti kuyambira mu 2018 manambala onse amayenera kulembetsedwa, nthawi zambiri imapezeka kuti inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina wa kumudzi amene sakudziwa chilichonse. Banki nayo sibweza ndalama, chifukwa siinanene kuti cheke chadutsa, inangolandira pepala. Inshulansi ya sitolo kawirikawiri imateteza ku kuthyoledwa ndi moto, ndipo katundu amene mwini wake wapereka ndi manja ake sakhala m'gulu limenelo pokhapokha zitalembedwa mwapadera.

Chimene chimapulumutsa ndi changu cha maola oyamba. Wobedwa adziwitse banki yake ndi kampani ya foni nthawi yomweyo, kuti ngati pali ndalama zimene sizinatapidwe zitsekeredwe. Apite ku polisi ndi zonse: mauthenga osafufuta, chithunzi cha risiti, nambala zimene zinaimba, ndi nambala ya lole. Apa ndi pamene buku la katundu wotuluka limaonetsa ntchito yake. Sitolo imene imalemba nambala ya galimoto, dzina la dalaivala ndi nambala ya laisensi yake imapatsa apolisi poyambira, chifukwa dalaivala wosalakwa uja amakumbukira pamene anatsitsa. Manyazi ndi amene amapha milandu yambiri. Amalonda ena amangokhala chete poopa kusekedwa, ndipo gulu lomwelo limakabera mnzawo wa mzere wachiwiri sabata yotsatira, ndi nambala yomweyo, ndi nkhani yomweyo ya sukulu ya ku Dowa.

Chinthu china chimene eni masitolo amaiwala ndi choti nthawi zambiri amene amatulutsa katundu si iwo. Ndi mtsikana wa pa kauntala kapena mnyamata wa ku sitoko, amene alibe njira yoonera akaunti, ndipo akuopa kukhumudwitsa kasitomala wamkulu wovala tayi amene akukalipa kuti "mukudziwa kuti ndine ndani?" Si chilungamo kumudula malipiro mwana wotere pamene sanapatsidwe lamulo lomveka. Lamulolo liyenera kuchokera kwa mwini sitolo, lilembedwe pa khoma pamene kasitomala aliyense aliwerenge: katundu amatuluka pokhapokha ndalama zikaoneka mu akaunti ya sitolo. Likakhala pa khoma, wantchito sakhala ngati akunyoza munthu, amangoloza.

Inu amene mumagulitsa, kaya ndi mu hadiweya, pa sikelo ya soya kapena pa foni, chitani chinthu chimodzi sabata ino. Pitani ku banki yanu mukafunse kuti pa foni yanu ndi mzere uti umene umasonyeza ndalama zoti mungatape, ndiponso kuti cheke kapena ndalama zochokera ku banki ina zimatenga masiku angati a ntchito kuti zitsimikizike. Mukabwerako, muuze aliyense amene amagwira makiyi a sitoko yanu.